Ahedi andibwezera kalata yopempha kuchita kafukufuku m'kalasi, ndalakwitsa pati?

Chokochoyera
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili chaka chomaliza ku koleji ndipo panopa ndikuyeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale. Kuti ndimalize maphunziro ndiyenera kuchita kafukufuku wa m'kalasi. Ndikufuna kuona ngati kuwerenga awiriawiri kumathandiza ana a sitandade 4 kuwerenga mosadodoma. Lolemba ndinakapereka kalata kwa ahedi, lero Lachitatu andiitana n'kundibwezera. Sanakalipe ayi. Angolemba ndi cholembera chofiira m'munsi mwake kuti, "Ana ati? Liti? Makolo akudziwa?" Kalatayo inali yotere:

"Mayi, ine ndine wophunzira za uphunzitsi. Ndikupempha chilolezo choti ndichite kafukufuku wa kawerengedwe pa sukulu yanu m'teremu ino. Kafukufukuyu athandiza kukweza maphunziro. Zonse zidzasungidwa mwachinsinsi. Ndidzathokoza pempho langa likamveka."

Ine ndimaona ngati ulemu ulimo wokwanira. Tili sabata yachinayi mwa masabata 13, ndiye mtima uli m'mwamba.

Kalulu_wa_pa_Bolodi
Keyala munaika bwino? Yanu kumanja, yawo kumanzere, tsiku, kenako mutu wa kalata wa zilembo zazikulu. Ahedi ambiri akaona kalata yopanda mutu sawerenga n'komwe.

Chokochoyera
Zonsezo zinalipo achimwene, ndangodula pokopera pano.

HediWopuma
Mwanangu, vuto si keyala, ndipo si ulemu. Ndakhala pa mpando umenewo zaka zambiri, ndiye ndikuuzeni zomwe zimayenda m'mutu mwa munthu akalandira kalata ngati yanuyo. Akasayina, mawa kholo likabwera ku ofesi kudzafunsa kuti bwanji mwana wanga anatulutsidwa m'kalasi n'kumafunsidwa mafunso ndi mlendo, woyankha ndi iyeyo, inu mutapita kale. Ndiye amawerenga kalata akufuna yankho lomwe adzapereke kwa khololo. Mu kalata yanu yankho limenelo mulibe. Mwalemba kuti "kafukufuku wa kawerengedwe", koma simunanene chomwe chidzachitikire mwana kuyambira pomwe mwamuitana mpaka pomwe wabwerera pa desiki yake.

Ahedi anuwo akuchitirani zabwino. Amene safuna amangoika kalata mu dirowa n'kumakuuzani kuti bwerani mawa. Awa akufunsani mafunso atatu, kusonyeza kuti mukayankha asayina. Tatiuzani kaye ife pano, ngati mukuuza mnzanu, kuti mukufuna kuchita chiyani kwenikweni.

Chokochoyera
Zikomo bambo. Sitandade 4 ili ndi makalasi awiri. 4A ndi yomwe ndikuphunzitsa ine, muli ana 52. Mu 4B muli ana 49 ndipo ali ndi mphunzitsi wawo. Maganizo anga anali oti ana onse awerenge kankhani kamodzi kwa mphindi imodzi, ine n'kumawerengera mawu omwe atchula molondola. Kenako 4A ichite zowerenga awiriawiri kwa masabata 6, katatu pa sabata, mphindi 15, pomwe 4B ikuphunzira monga mwa nthawi zonse. Pomaliza onse awerengenso, ndifanizire. Ndimafunanso kujambula mawu awo pa foni kuti ndikamvetsere bwino kunyumba.

HediWopuma
Eya, kalata yanu ndi imeneyotu. Zimene mwatiuza apazi ndi zomwe ahedi amafuna kuwerenga.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Ana onse ndi 101. Mwana amawerenga mphindi imodzi, inde, koma kumuitana, kuti akhale pansi, mumufotokozere, mantha amuchoke, mulembe zotsatira, sizichepera mphindi 4. Ndiye kuti ndi mphindi 404, pafupifupi maola 7. Muchita kawiri, ndiye maola opitirira 13. Maola amenewo muwatenga pa phunziro liti? Nanga pamene muli ndi mwana mmodzi panja, ana 51 otsala mu 4A ali ndi yani? Hedi aliyense amawerengera zimenezi asanamalize n'komwe ndime yoyamba.

Onaninso kalendala. Mwatsala ndi masabata 9. Ina ipita podikira mayankho, ina ndi ya makalata a makolo, ina ndi ya kuwerenga koyamba. Mukawonjezera 6 aja ndiye kuti masabata atha, kuwerenga komaliza kulibe malo, komanso mwalowa kale mu sabata ya mayeso. Palibe hedi angalole zimenezo.

Mayi_Rejisitala
Ine ndikuona ngati tikukulitsa nkhani. 4A ndi kalasi yake. Kuwerenga awiriawiri ndi njira yophunzitsira basi, ine ndimaigwiritsa ntchito chaka ndi chaka osalembera kholo lililonse. Kodi ndikasintha kakhalidwe ka ana m'magulu ndizipemphanso chilolezo kwa makolo 52? Ahedi akavomera, nkhani yatha. Pa sukulu iwowo ndiwo amaimira makolo.

Kafufuze
Amayi, mbali ina mwalondola. Kuphunzitsa ana awiriawiri m'kalasi yanu sikufuna chilolezo cha kholo, chifukwa ndi ntchito imene kholo linatumizira mwana ku sukulu. Chimene chimasintha zinthu ndi chomwe chimatuluka pa geti. Inu mukayesa ana, zotsatira zimakhala pa sukulu ndipo zimathandiza mwana yemweyo. Awa zotsatira azitenga, azilemba mu lipoti, lipoti liwerengedwa ndi anthu omwe mwanayo sadzawaona, ndipo amene alandire satifiketi ndi iwo. Kholo silinavomerepo zimenezo pomulembetsa mwana.

Ndimayang'anira kafukufuku wa ophunzira a uphunzitsi, ndipo ndimawauza kuti zilolezo ndi zitatu ndipo china sichilowa m'malo mwa chinzake. Ahedi amakulolani kulowa ndi kugwiritsa ntchito nthawi ya sukulu. Kholo limalola kuti zotsatira za mwana wake zitengedwe. Mwana mwini wake amavomeranso kapena kukana, ngakhale kholo litasayina. Kwa a Chokochoyera pali chachinayi, cha mphunzitsi wa 4B, chifukwa pofanizira makalasi awiriwo ntchito yakenso ikuoneka.

Ndiye mu kalata musiyanitse zinthu ziwirizi. Phunziro la awiriawiri ndi la ana onse a mu 4A, palibe wotsala. Kuwerenga kwa mphindi imodzi komwe zotsatira zake zilowe mu lipoti ndi kwa okhawo amene makolo alola ndipo iwo eni avomera.

Mayi_Rejisitala
Mwana wa zaka 9 akane mphunzitsi wake? Ndikaimirira kutsogolo n'kufunsa kuti ndani akufuna, manja onse amakwera, ngakhale a amene sanamve funso.

Kafufuze
N'chifukwa chake safunsidwa pagulu. Mumamufunsa ali yekha pa nthawi yowerengayo, m'mawu ake: ndikuphunzira za mmene ana amawerengera, awa si mayeso, malikisi sapita pa lipoti lako la teremu, ukafuna kusiya ungonena, palibe amene akwiye. Ndipo muziyang'ana thupi lake, osati pakamwa pokha. Mwana amene wangoti zii, wagwetsa nkhope, pepala likunjenjemera m'manja, ameneyo wakana ngakhale wanena kuti inde. Mumuthokoze abwerere. Pangano la ufulu wa ana la bungwe la United Nations la 1989, pa ndime 12, limanena kuti mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa zinthu zomukhudza, ndipo maganizowo aganiziridwe molingana ndi msinkhu wake. Koma ndikuvomerezani kuti mphamvu ya mphunzitsi pa mwana sitha chifukwa cha mawu okoma. Ngati n'kotheka, wofunsa ana a mu 4A akhale mphunzitsi wina.

BamboWaAtsikana
Ine si mphunzitsi, ndine kholo chabe, koma ndiloleni ndinenepo. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anabwera kunyumba osalankhula. Usiku ndi pomwe anauza amayi ake kuti kunabwera mlendo, anamuika foni pakamwa kuti awerenge, analephera mawu angapo, ndipo akuopa kuti mawu akewo akaseweredwa pa asembule. Anakhala sabata yathunthu akukana kuwerenga mokweza ngakhale kunyumba. Nditapita kukafunsa anandiuza kuti anali wa kafukufuku ndipo ofesi inalola. Mpaka lero sindidziwa kuti mawu a mwana wanga ali mu foni ya ndani. Akanandilembera kakalata ndikanalola ndithu, ndipo ndikanamukonzekeretsa mwanayo. Ndiye amayi a Rejisitala, pepani, ahedi sandiimira pa chilichonse.

Mayi_Rejisitala
Pepani bambo, zimenezo sizinayende bwino. Pa za kujambula mawu ndagonja. Koma pa zoyesa wamba ndikadali pomwe ndinali.

Chokochoyera
Nkhani ya bambowa yandikhudza. Kodi ndisiye kujambula? Ndimaopa kuti pomvetsera kamodzi ndiziphonya.

Kafufuze
Dzifunseni kuti mawuwo mukufuna kuchita nawo chiyani. Ngati mukungowerengera mawu olondola pa mphindi imodzi, foni ndi yosafunika. Khalani ndi pepala lanu la kankhani komweko, mwana akuwerenga inu mukudula kamzere pa liwu lomwe waphonya, mphindi ikatha muika chizindikiro pomwe walekezera. Mawu onse omwe wafika kuchotsa ophonya, yankho ndi limenelo. Yesererani ndi anzanu awiri kapena atatu, dzanja lizolowera. Mukachotsa kujambula, kalata yanu imapepuka kwambiri, chifukwa mafunso oti foni ikatayika bwanji, amvetsere ndani, mufufuta liti, onse agwa okha. Foni igwire ntchito ya wotchi basi, ndipo mwana mumuuze kuti ndi yowerengera nthawi.

Nthambi77
Foni zimatayikadi. Yanga inabedwa muli zithunzi za ntchito za ana za teremu yonse, ndipo inalibe pasiwedi.

Kalulu_wa_pa_Bolodi
Muziika pa kompyuta tsiku lomwelo n'kufufuta pa foni. Komanso mafoni ambiri amatumiza okha zithunzi pa intaneti ngati simunatseke, ndiye kufufuta pa foni pokha sikukwanira.

Nthambi77
Zimenezo ndinazidziwa mochedwa. Koma funso langa ndi lina. Ine ndikufuna kulembera ahedi kuti andilole kuchoka masiku atatu ndikatolere zofufuza zanga ku sukulu ina. Kalata yake ndi yomweyi?

HediWopuma
Ayi, imeneyo ndi yopempha tchuthi, ndipo imapita kwa ahedi anu. Yomwe tikukamba pano mudzalembera ahedi a sukulu yomwe mukupitayo. Mufunika zonse ziwiri, ndipo yambani ndi ya kumene mukupitako kuti masiku opempha tchuthi akhale odziwika.

Tibwerere kwa a Chokochoyera. Pali mawu amodzi mu kalata yanu amene ine ndikanawazunguliza ndi chofiira: "Zonse zidzasungidwa mwachinsinsi." Aliyense amalemba choncho, ndipo sizitanthauza kanthu mpaka mutanena kuti motani. Komanso si zoona. Mwana akakhala nanu pafupi, mwamulankhula mofatsa, nthawi zina amakuuzani zinthu zomwe simunafunse, kuti kunyumba akumenyedwa kapena wina akumugwira mosayenera. Zimenezo simungasunge. Muyenera kukanena kwa ahedi kapena kwa amene sukulu inamuika kuti aziona za chitetezo cha ana, tsiku lomwelo. Lembani zimenezi mu kalata, ndi mu ya makolo momwe. Hedi akaona chiganizo chimenecho amadziwa kuti munthuyu waganiza za ana, osati za lipoti lake lokha. Nenaninso malo owerengera. Pakhale poonekera, pakhonde kapena m'chipinda chotsegula chitseko, osati inu ndi mwana awiriwiri kobisika. Zimateteza mwana, zimatetezanso inu.

Chokochoyera
Nanga mayina? Ndimati ndizilemba dzina loyamba lokha.

Kafufuze
Dzina loyamba ndi dzina ndithu, m'kalasi aliyense amadziwa mwini wake. Patsani mwana aliyense nambala, monga A07 kapena B15, ndipo pa pepala la zotsatira pakhale nambala yokhayo. Musatenge nambala za mu rejisitala, chifukwa aliyense wogwira rejisitala azimasula. Mndandanda wolumikiza dzina ndi nambala ukhale pepala limodzi lokha, losungidwa kwina, chifukwa muufuna pa kuwerenga kwachiwiri kuti mudziwe kuti A07 wa poyamba ndi yemweyu. Lipoti likalandiridwa muuwononge, pokhapokha ngati koleji yanu ili ndi lamulo la nthawi yosungira, ndiye mulembe nthawi imeneyo mu kalata.

Chinthu china chimene ambiri saganiza: dzina la sukulu mukhoza kubisa, koma mphunzitsi wa 4B ndi mmodzi. Aliyense wa pa sukulupo akawerenga kuti 4B inatsalira adziwa kuti akunena yani. Mulankhule naye musanapereke kalata, ndipo mu lipoti munene poyera kuti makalasi awiriwa ali ndi aphunzitsi osiyana, kotero kusiyana kwa zotsatira sikungakhale umboni woti njira yokha ndiyo yachititsa, kapena woti wina amaphunzitsa bwino kuposa mnzake.

Dzuwa_Lam'mawa
Zinandichitikira zimenezo, ine ndinali wa kalasi yofanizirayo. Ndinangomva pa msonkhano wa aphunzitsi kuti kalasi yanga "inachita moipa pa kafukufuku". Palibe anandiuza kuti ndikufaniziridwa. Ana anga ambiri chaka chimenecho anali obwereza. Ndikufunsenso, n'chilungamo kuti 4A ilandire chinthu chomwe mukukhulupirira kuti n'chothandiza, 4B ingoyesedwa kawiri osapindula kanthu?

Chokochoyera
Funso limenelo ndinalibe nalo yankho achemwali. Teremu ikatha ine ndikhala nditachoka.

Dzuwa_Lam'mawa
Ndiye musiye timakadi ta nkhani ndi ndondomeko ya maphunziro kwa mnzanuyo, kuti akafuna adzayambe teremu yotsatira. Mulembe mu kalata, ahedi adzakhale mboni.

MphunziWaSayansi
Ine ku yunivesite anatiuza kuti komiti yowunika kafukufuku ikakupatsa kalata, sukulu ilibe mphamvu yokana. Ingomatani kalata ya komitiyo kutsogolo basi.

Kafufuze
Kumata kalata ya komiti n'kofunika, koma zoti sukulu singakane si zoona. Komiti imanena kuti ndondomeko yanu siivulaza anthu. Siilamula sukulu ya eni ake kuti ikutsegulireni. Ahedi akhoza kukana chifukwa cha mayeso, chifukwa kwabwera kale ofufuza ena teremu yomweyo, kapena popanda kupereka chifukwa.

Chimene chimazunguza ambiri n'chakuti komiti ina imafuna kuona chilolezo cha sukulu isanavomere, pomwe ahedi akufuna kuona kalata ya komiti asanasayine. Potulukira pake mpoti mupemphe ahedi chilolezo chodalira komiti: alembe kuti alola malinga komiti ikavomera, ndipo inu mulonjeze kuti simuyamba kanthu, ngakhale kugawa makalata a makolo, mpaka mutawaonetsa chivomerezocho. M'madera ena ofesi ya maphunziro yoyang'anira sukuluyo imafunanso kudziwitsidwa kapena kuvomereza. Malamulo amasiyana, ndiye funsani woyang'anira kafukufuku wanu ndi ahedi omwe, mafunso onse awiri sabata ino.

Chokochoyera
Ndalankhula ndi woyang'anira wanga, akuti ku koleji kwathu ndondomeko imadutsa mwa iwo kenako ku komiti, ndipo yanga inavomerezedwa kale koma ndikasintha ndiyenera kuwadziwitsa. Mphunzitsi wa 4B walola. Ndachepetsa zinthu. Nayi kalata yatsopano, keyala ndi mayina ndachotsa:

"PEMPHO LOCHITA KAFUKUFUKU WA KAWERENGEDWE MU SITANDADE 4A NDI 4B

Mayi, ine ndine wophunzira za uphunzitsi wa chaka chomaliza, amene ndikuphunzitsa 4A m'teremu ino. Ndikupempha chilolezo chochita kafukufuku wofuna kuona ngati kuwerenga awiriawiri kumathandiza ana kuwerenga mosadodoma. Ndi gawo la maphunziro anga, ndipo dzina ndi nambala ya woyang'anira wanga zili m'munsimu.

Kuyambira sabata 8 mpaka 11, ana onse a mu 4A aziwerenga awiriawiri kwa mphindi 15, katatu pa sabata, mkati mwa piriyodi yowerenga, pogwiritsa ntchito nkhani za mu sikimu. 4B ipitiriza monga mwa nthawi zonse. Mu sabata 7 ndi sabata 12, ana 20 a m'kalasi iliyonse adzawerenga kankhani kwa mphindi imodzi, mmodzimmodzi, pakhonde la kalasi. Mwana aliyense adzachoka pa phunziro kwa mphindi zosapitirira 5. Pa sabata iliyonse mwa awiriwa, ana 40 onse adzatenga mphindi pafupifupi 160, zomwe ndidzazigawa pa masiku anayi. Pa nthawiyo 4A idzakhala ndi mphunzitsi wake wa nthawi zonse, amene wavomera. Sabata ya mayeso sindidzaikhudza.

Ana 20 aja adzasankhidwa mwa maere pakati pa amene makolo awo alola polemba. Mwana aliyense adzafunsidwanso payekha, ndipo akhoza kukana kapena kusiya. Wosatenga nawo mbali adzaphunzira ngati anzake, ndipo zotsatira sizidzalowa pa malikisi a teremu.

Sindidzajambula mawu kapena zithunzi. Pa mapepala padzakhala nambala m'malo mwa mayina. Dzina la sukulu, la mphunzitsi kapena la mwana silidzatchulidwa mu lipoti. Mwana akandiuza chinthu chosonyeza kuti ali pa chiopsezo, ndidzakudziwitsani tsiku lomwelo.

Pomaliza ndidzakupatsani chidule cha zotsatira za magulu, komanso ndidzasiya zipangizo kwa mphunzitsi wa 4B. Muli ndi ufulu woimitsa kafukufukuyu nthawi iliyonse. Ndamata kalata ya ku koleji, kalata ya makolo, mawu omwe ndidzauze ana, ndi kankhani kowerengako."

Yatalika kwambiri?

HediWopuma
Iyi ndikanasayina. Ikakwana tsamba limodzi kapena kupitirira pang'ono palibe vuto, zina zonse zikhale zomata. Ndikonze zitatu. M'malo mwa "sabata 7" lembaninso masiku enieni a pa kalendala, chifukwa wina amawerenga masabata kuyambira tsiku lotsegulira, wina kuyambira pomwe maphunziro anayamba. Chachiwiri, nenani tsiku lomwe mukupempha yankho, mwaulemu, monga kuti "ndingathokoze nditamva pofika Lachisanu kuti makalata a makolo apite sabata yotsatira". Chachitatu ndi chachikulu: ikani kagawo m'munsi koti ahedi alembe kuti ndalola kapena sindinalole, dzina, siginecha, tsiku ndi chidindo cha sukulu. Mupange makope awiri, imodzi itsale mu failo ya ofesi.

Nthambi77
Za chidindozo mverani. Mnzanga analoledwa pakamwa, "pitirizani palibe vuto". Pakati pa teremu ahedi aja anasamutsidwa, amene anabwera anati sakudziwa kanthu ndipo mu failo mulibe pepala. Anamuimitsa atayesa kale ana koyamba, ndipo anachedwa teremu yathunthu.

Mayi_Rejisitala
Kalata ndi yabwino, sindikana. Koma mudzandiuza za makalata a makolowo. Ine ndikatumiza makalata 50, obwerera safika theka, ena amapezeka m'zikwama atanyowa teremu ikutha. Ndipo amene amabweza ndi makolo omwe amaona makope a ana awo madzulo, amene ana awo amawerenga kale bwino. Mwana amene kafukufukuyu akumufuna kwambiri, wodododma uja, kalata yake siibwera. Bwanji osalemba kuti amene sakufuna ndiye abweze?

BamboWaAtsikana
Kalata ikatsala m'chikwama ndiye kuti ine ndalola? Sindinaione n'komwe.

Kafufuze
Apa ndi pomwe ofufuza enieni amatsutsana, ndipo amayi a Rejisitala akunena vuto loona. Kudikira siginecha kumapotoza gulu lomwe mwayesa. Makomiti ena amalola njira yoti wokana ndiye abweze, pa kafukufuku wa chiopsezo chochepa kwambiri amene sasiyana ndi ntchito ya m'kalasi. Ena salola konse pa ana aang'ono. Chimene sindingalole wophunzira wanga n'kusankha yekha njirayo chifukwa makalata achedwa. Ngati ndondomeko yovomerezeka ikuti siginecha, ndi siginecha. Chomwe angachite ndi kuthandiza kuti makalata abwerere: ikhale yaifupi, m'chilankhulo chomwe makolo amawerenga, mabokosi awiri a inde ndi ayi kuti aliyense abweze, ndi kukumbutsa kamodzi. Kwa kholo losatha kuwerenga, kufotokoza pakamwa pali mboni kumaloledwa ndi makomiti ambiri, koma zilembedwe mu ndondomeko. Ndipo mu lipoti anene kuti makalata anapita angati, anabwerera angati.

Mayi_Rejisitala
Kunena mu lipoti sikumubweretsa mwana wodododma uja pa mndandanda.

Kafufuze
Zoona, sikumubweretsa. Phunziro la awiriawiri alilandira ndithu popeza ndi la kalasi yonse, koma mu manambala sadzaoneka.

Dzuwa_Lam'mawa
Chinanso choti mukonzekere: ahedi akhoza kudzakufunsani kuti tandionetsani ana omwe achita moipa kuti tiwathandize. Cholinga chake n'chabwino, koma makolo mwawauza kuti mayina sadziwika. Mudzayankha bwanji?

Chokochoyera
Sindinaganizepo. Kuwakana ahedi kundivuta, ndine mlendo pa sukulupo.

HediWopuma
Ndiye musadikire tsiku limenelo. Mwalemba kale kuti mudzapereka zotsatira za magulu. Wonjezerani mawu oti "osati za mwana payekha", ndipo mukamapereka kalata muwaloze chiganizo chimenecho ndi chala, mumve maganizo awo. Akanena kuti akufuna kudziwa ana ovutika, njira ilipo: mulembe mu kalata ya makolo bokosi lina lofunsa ngati akulola kuti mphunzitsi wa kalasi aone zotsatira za mwana wawo, ndipo mudziwitse woyang'anira wanu za kusinthaku. Chosayenera n'kulonjeza makolo china, kenako n'kuchita china chifukwa ofesi yapempha. Ndipo kalatayo mukapereke nokha m'manja, pa nthawi yomwe sali pa changu, osaisiya pa tebulo.

Chokochoyera
Ndabwerako. Ndinapita Lolemba ana ataweruka. Anawerenga yonse ine ndili chikhalire, zomata zomwe. Asayina ndipo adinda, koma asintha ziwiri. Akuti kuwerenga kwa mmodzimmodzi kusachitike pa piriyodi ya masamu, ndipo kalata ya makolo ipite ndi kakalata kawo pamwamba kuti makolo adziwe kuti sukulu ikudziwa. Za zotsatira za mwana payekha anati sazifuna, aphunzitsi amawadziwa kale ana awo.

Kafufuze
Kakalata ka ahediko mukaone kasanapite. Kanene kuti sukulu yalola kafukufukuyu ndipo kholo lili ndi ufulu wosankha. Kakalembedwa kuti "makolo nonse musayine", kholo limva ngati ndi lamulo la sukulu.

Chokochoyera
Ndakaona, akuti "mukhoza kulola kapena kukana". Makalata 101 anapita Lachiwiri. Pofika lero Lachisanu abwerera 38: mu 4A alola 21, mu 4B alola 13, okana ndi 4 onse pamodzi. Ndikumbutsa Lolemba. Ngati 4B siifika 20 pofika Lachitatu, ndiyese 13 omwewo, kapena ndichepetsenso a 4A kuti magulu afanane?

Mayi_Rejisitala
Lolemba musangokumbutsa pakamwa. Sindikizani ena apadera, ambiri adzakuuzani kuti yoyamba inatayika. Ndipo mupemphe mphunzitsi wa 4B kuti atolere yekha m'mawa poitana mayina, ana amabweza msanga kwa amene amuzolowera.